Ola ndi theka pa Zoom, mphindi imodzi pa foni ya ku Chipata

Kolera wa 2017 anayambira ku Chipata, komboni yomwe ili kumpoto kwa mzinda wa Lusaka (osati Chipata ya kum'mawa ija ya kufupi ndi malire a Malawi). Unduna wa Zaumoyo unalengeza za mliriwo pa 6 Okutobala chaka chimenecho, ndipo posakhalitsa mliriwo unafika ku Kanyama ndi makomboni ena. Pofika Meyi 2018, anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka mokha. Matendawa anabweranso mu Okutobala 2023, ndipo anali oopsa kuposa poyamba: odwala anapitirira 20,000 m'dziko lonse, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala cha kolera, ndipo sukulu zomwe zinayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 zinadikira mpaka Febuluwale.

Nthawi zotere akatswiri amalankhula kwambiri, ndipo masiku ano amalankhulira pa Zoom. Madokotala, anamwino ndi oyang'anira ukhondo amakumana pa intaneti n'kuphunzitsana kwa ola limodzi kapena awiri. Imodzi mwa njira zodziwika ndi ya Project ECHO, yomwe Sanjeev Arora anaiyambitsa mu 2003 pa yunivesite ya New Mexico ku Amerika, ndipo a zaumoyo a ku Zambia amaigwiritsanso ntchito: katswiri amaphunzitsa mwachidule, wina amafotokoza za wodwala amene wamuvuta, kenako onse amakambirana. Misonkhano yambiri yotere imajambulidwa. Koma mayi amene amayenda khomo ndi khomo ku Mazyopa kapena ku Marapodi kuphunzitsa za ukhondo sadzaionera. Fayilo yake imatha kupitirira ma MB 300, zokamba zake ndi za m'Chingelezi, ndipo iye ali ndi bandulo ya tsiku limodzi komanso foni yomwe batire yake imadalira ngati magetsi abwera. Chimene angalandire ndi kavidiyo ka mphindi imodzi pa WhatsApp.

Apa ndi pamene pamalowa munthu wodula. Ntchito yake ndi kutenga webina yaitali n'kutulutsamo timavidiyo tinayi kapena tisanu. Ambiri amaganiza kuti luso lake lili pa kudziwa CapCut. Ine ndimati lili pa kusankha, ndipo kusankhako kuli ndi funso limodzi: kodi munthu amene sanali pa msonkhano, amene sadzaona zomwe zinanenedwa kale kapena pambuyo pake, akaonera kavidiyo aka n'kuchita zomwe wamva, adzachita zolondola?

Funsoli ndi lofunika chifukwa kavidiyo sikayenda ndi webina yake. Kakangotumizidwa ku gulu limodzi, kamapita ku gulu la tchalitchi, kuchoka uko ku gulu la chilimba, mpaka kwa azakhali ku Chawama. Mawu ofotokozera amene munalemba pansi pake amatha kutsala m'njira. Zimene zili m'kati mwa kavidiyo ndizo zokha zomwe zimafika.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma chokhala ndi maonekedwe a mawebina enieni. Tinene kuti tili ndi chojambula cha mphindi 94, mutu wake ndi kolera m'makomboni, ndipo ofuna timavidiyo ndi odzipereka a zaumoyo a ku Chipata. Mphindi 11 zoyamba ndi kudikirana, malonje ndi kutchula maudindo. Kuyambira pa mphindi 11 mpaka 42 dokotala akuphunzitsa ndi masilaidi. Kuchokera pa 42 mpaka 58 namwino akufotokoza za wodwala wina. Kenako pali theka la ola la mafunso, ndipo zotsalazo ndi kutsanzikana.

Musanatsegule pulogalamu yodulira, funsani amene anachititsa msonkhano mafayilo onse, osati vidiyo yokha. Zoom imasunganso mauthenga omwe anthu ankalemba m'mbali msonkhano uli m'kati, pamodzi ndi nthawi yake, ndipo fayilo imeneyi ndi mapu abwino. Pamene anthu asanu analemba motsatizana kuti dokotala abwereze, pamenepo pali mfundo yomwe anthu amaifuna ndipo sanaimve bwino. Pamene wina analemba kuti ku kiliniki kwawo zimenezi zimachitika tsiku lililonse, pamenepo pali vuto lenileni. Chenjerani kokha kuti nthawi ya m'mauthenga siyigwirizana nthawi zonse ndi ya mu vidiyo, chifukwa kujambula kumatha kuyamba mochedwa. Pezani malo amodzi odziwika m'mafayilo onse awiri kuti muwerengere kusiyana kwake. Ngati msonkhano unasungidwa pa intaneti ndipo kulemba mawu kunali kotsegula, pamakhalanso fayilo yothera ndi `.vtt` ya zonse zomwe zinayankhulidwa. Imathandiza kusakasaka liwu ngati ORS, koma pamene wolankhula walowa m'Chinyanja kapena m'Chibemba imalemba zopanda mutu, ndipo nthawi zambiri pamenepo m'pamene pali zokoma.

Kenako mverani webina yonse kamodzi, cholembera chili m'manja. Mukathamangitsa liwiro kufika pa 1.5, mphindi 94 zimatsika kufika pa 63. Mu VLC batani la `]` limathamangitsa ndipo la `[` limachepetsa. Paulendo woyambawu musadule kalikonse. Lembani nthawi ndi mawu ochepa basi: 0:23 madzi a m'zitsime zosazama, 0:36 klorini, 0:49 nkhani ya wodwala, 1:06 ORS kunyumba. Amene amayamba kudula asanamalize kumvera amathera madzulo onse pa mfundo ya pa mphindi 20, kenako n'kupeza kuti dokotala anaibwereza momveka bwino pa ola limodzi ndi mphindi 10. Ndipotu zimachitika kawirikawiri. Pophunzitsa, katswiri amayankhula ndi masilaidi ake, amati "monga mukuona apa" ndi "tibwererako kutsogoloku". Akafunsidwa funso amayankhula ndi munthu. Amayamba ndi vuto, n'kupereka yankho, n'kusiya. Mayankho a mafunso amabadwa ali kale timavidiyo, n'chifukwa chake ine ndimayembekezera kuti zambiri zomwe ndidzasunge zichokera m'theka la ola lomalizalo.

Tinene kuti pepala lathu lili ndi malo 14. Ambiri adzagwa msanga, ndipo oyamba kugwa ndi amene anakometsa msonkhano.

Pa 0:49 namwino akusimba za mayi amene anafika pa kiliniki usiku atanyamulidwa pa wilibala, mwana wake wamng'ono atamwalira kale masana. Mawu a namwino akunjenjemera, m'mauthenga anthu akulemba zopepesa. Wodula aliyense amene akufuna kuti kavidiyo kake kaonedwe ndi anthu ambiri adzathamangira pamenepa. Koma namwinoyo watchula msinkhu wa mayiyo, dera lomwe amakhala, ntchito ya mwamuna wake ndi sabata yomwe zinachitika. Dzina sanalitchule, inde, koma m'komboni dzina silifunika. Anthu a pa mpopi womwewo adzamudziwa kavidiyo kasanathe. Nkhaniyo inakambidwa kwa ogwira ntchito anzake kuti aphunzire, osati kwa Lusaka yense. Lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu lofuna kusamalidwa mwapadera, koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, kolera amabwera ndi manyazi ndi kusalana, ndipo mayiyo ayenera kupitiriza kugula tomato pa msika womwewo. Chigawo chonse cha mphindi 42 mpaka 58 ndimachisiya osachikhudza. Komanso mutadzifunsa kuti woonera achite chiyani akamaliza kulira, mupeza kuti nkhaniyo payokha sikumuuza chochita.

Pa 0:15 dokotala akuonetsa chithunzi cha mmene chiwerengero cha odwala chakwerera sabata imeneyo, n'kunena kuti dera lakutilakuti ndilo lili patsogolo. Izi n'zoona lero. Pakatha masabata atatu zidzakhala zabodza, koma kavidiyo kadzakhala kakuyendabe, ndipo mvula ya chaka chamawa ikayamba wina adzakatumizanso ngati nkhani ya dzulo. Manambala a mliri, masiku a katemera ndi malo omwe atsegulidwa mongoyembekezera ndi zinthu zowola msanga. Ngati n'kofunikadi kuzidula, tsiku, mwezi ndi chaka zilembedwe pa chithunzi penipeni kuyambira sekondi yoyamba mpaka yomaliza. M'chitsanzo chathu tingozisiya.

Malo a pa 0:36 ndi amene amandiopsa kuposa onse, chifukwa amaoneka abwino. Dokotala akuyankhula momveka, mwamphamvu, kwa masekondi 40: sungunulani klorini kufika pa 2 peresenti, thirani, dikirani. Chiganizo chili ndi poyambira ndi pothera. Vuto n'lakuti mawu onena kuti klorini imeneyi ndi ya chiyani ananenedwa mphindi ziwiri m'mbuyomo, pa silaidi ina. M'zipatala za kolera mumagwiritsidwa ntchito mphamvu zitatu za klorini: 0.05 peresenti posamba m'manja, 0.2 peresenti popukuta pansi, mabedi ndi ziwiya, ndi 2 peresenti pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala komanso posamalira mtembo. Ya 2 peresenti ndi yamphamvu kuwirikiza 40 kuposa ya m'manja, imawotcha khungu, ndipo mwa zitatuzi palibe yakumwa. Munthu wa ku Chipata akamva liwu lakuti klorini amaganiza za kabotolo kothira m'chigubu cha madzi akumwa. Mukadula masekondi 40 aja okha, simunasinthe liwu lililonse la dokotala, koma mwamunenetsa chinthu chomwe sananene. Zili ngati telala amene wadula chitenje pakati pa duwa: nsalu ndi yomweyo, koma amene wavala chidutswacho sangadziwe kuti panali duwa.

Chizindikiro cha vuto lotere chimakhala m'timawu tating'ono. Mverani chiganizo choyamba cha malo omwe mwasankha. Ngati muli "zimenezi", "iyi", "pamenepo", "yachitatu", "monga ndanena", ndiye kuti chikuloza chinthu chomwe woonera alibe. Muli ndi njira zitatu: kubwerera m'mbuyo mpaka pomwe chinthucho chatchulidwa ndi dzina, kulemba dzinalo pa chithunzi, kapena kusiya. Pa nkhani ya klorini ine ndingasiye. Mphamvu zitatuzo ndi za ogwira ntchito m'chipatala, ndipo kavidiyo kopita m'mafoni a m'komboni sikangatsekeredwe kuti kaonedwe ndi anamwino okha.

Tsopano tifike pa kamene kapambana. Pa 1:06:40 wodzipereka wina akutsegula maikolofoni. Akupereka moni, akuthokoza, akufotokoza komwe amagwirira ntchito, kenako akufunsa kuti: "Ba dokota, munthu akayamba kutsegula m'mimba usiku, kiliniki ili patali ndipo kunja kuli mdima, a m'nyumba achite chiyani?" Funsoli ndi la aliyense wokhala m'komboni. Dokotala akuyamba pa 1:07:05 ndi kuthokoza funso, akuseka pang'ono, akufunsa ngati akumveka. Yankho lenileni likuyamba pa 1:07:22. Akuti tengani paketi imodzi ya ORS, sungunulani mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, osati m'kapu, osati theka la paketi. Mupatseni wodwala pang'onopang'ono koma mosalekeza. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Zotsala zikatha maola 24 zitayidwe. Pa 1:08:09 akupuma.

Pamenepa m'pamene odula ambiri amatseka, chifukwa mawu atsika ndipo masekondi 47 akukwanira bwino. Koma mverani masekondi 15 otsatira. Dokotala akuwonjezera kuti ORS ndi womwa muli m'njira, sikuti walowa m'malo mwa chipatala, kuti kolera amatha kupha m'maola ochepa, ndipo ngati maso alowa m'kati, wodwala wafooka kapena akulephera kumwa, musadikire kuti kuche. Popanda mawu amenewa, kavidiyo kakuuza banja kuti likhale pakhomo ndi chigubu cha ORS. Akatswiri ambiri amayankhula motere: lamulo patsogolo, malire ake pambuyo, atapuma kaye. Choncho mukapeza pothera, mverani theka la mphindi kupitirira apo, kufunafuna "koma", "pokhapokha" ndi "kupatula". Kavidiyo kathu kathera pa 1:08:24.

Masekondi tsopano ndi 62. Kwa nthawi yaitali Status ya WhatsApp inkalola masekondi 30 okha, mu 2024 anafika pa mphindi imodzi, ndipo malirewa amasinthasintha. YouTube Shorts kuyambira Okutobala 2024 imalola mphindi zitatu. Ndi bwino kuyang'ana malire a tsikulo pa foni yanu, komabe kukhala pansi pa mphindi imodzi kumateteza ku ngozi ina: kavidiyo kakatalika, wotumiza amakadula yekha ndi chala, ndipo chimene amataya ndi kumapeto, komwe kuli chenjezo. M'chitsanzo chathu, pakati pa yankho pali masekondi 9 pomwe netiweki inagwira ndipo dokotala anabwereza chiganizo. Tikachotsa amenewo titsala ndi 53. Funso la wodzipereka uja, lomwe linatenga masekondi 25, tililemba pa chithunzi m'mawu ochepa kwa masekondi atatu oyamba: "Munthu wayamba kutsegula m'mimba usiku. Tichite chiyani?" Zonse pamodzi ndi masekondi 56. Mwa njira imeneyi woonera wadziwa nkhani yake nthawi yomweyo, ndipo nkhope ndi dzina la wofunsa, yemwe sanabwere kudzaonekera pa mafoni a anthu, sizinatuluke.

Kuchotsa chibwibwi ndi kubwereza n'kololedwa. Kulumikiza ziganizo za m'malo osiyana ndi nkhani ina. Nthawi zina mfundo imayambira pa 0:23 n'kumalizidwa pa 1:15, ndipo zigawo ziwirizo zikalumikizidwa zimapanga kavidiyo kabwino. Chitani, koma msoko uoneke: ikani chithunzi chokhala ndi mawu pakati, kuti aliyense adziwe kuti panadutsa nthawi. Ndipo musamatire yankho la funso lina ku funso lomwe silinali lake, ngakhale zikugwirizana chotani.

Kudula kwenikweni n'kosavuta. Amene ali ndi laputopu angachotse chigawocho ndi ffmpeg asanachilowetse mu pulogalamu yokonzera, zomwe zimapeputsa ntchito pa makina ofooka:

```
ffmpeg -ss 01:07:21.5 -to 01:08:24.5 -i webina.mp4 -c:v libx264 -crf 23 -c:a aac -b:a 96k ors.mp4
```

Onani kuti ndasiya theka la sekondi kumbali zonse. Mukadula ndendende pa liwu, chilembo choyamba chimadyeka ndipo kumapeto kumamveka ngati munthu wamutsekera chitseko. Ena amalemba `-c copy` kuti zithe msanga. Zimathadi msanga, koma njirayi imangodula pa mafuremu ena apadera omwe amakhala motalikirana, ndiye kavidiyo kamayamba masekondi angapo m'mbuyo kapena chithunzi chimaima pomwe mawu akuyenda. Mukaona zimenezo, dziwani kuti chifukwa chake n'chimenechi.

Chovuta chachiwiri ndi maonekedwe. Webina ndi yopingasa, foni ndi yoimirira. Chithunzi cha 1280 ndi 720 mukachidula kuti chiimirire pa muyezo wa 9:16, mumatsala ndi mapikiselo 405 m'lifupi, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati nkhope ya dokotala inadzaza chithunzi, zikhala bwino. Ngati panali silaidi ndipo dokotala anali m'kabokosi ka pakona, kukulitsa kabokosiko kumatulutsa nkhope yosaoneka bwino, ndipo silaidi yochepetsedwa siwerengeka. Zikatero musalimbane nazo. Ikani dokotala pang'ono pamwamba, ndipo m'munsi lembani nokha mawu akuluakulu: paketi 1, lita 1, maola 24. Kavidiyo ka ORS kamakoma kwambiri mukaonetsa botolo la lita imodzi lomwe anthu amalidziwa, chifukwa lita pa pepala ndi lita m'khitchini sizifanana m'maganizo a anthu. Amene adzachititse webina yotsatira muwapemphe kuti asankhe kujambula wolankhula ndi silaidi m'mafayilo osiyana, komanso mawu a munthu aliyense payekha. Zoom ili nazo zonsezi m'makonzedwe ake, ndipo zimakupulumutsani tsiku lomwe tambala wa munthu amene anaiwala kutseka maikolofoni walira pakati pa chiganizo chofunika.

Chithunzi chosaoneka bwino anthu amachipirira. Mawu osamveka sawapirira. Ngati pa malo omwe mwasankha mawu akudukaduka moti nambala siyikumveka, malowo agwa, ngakhale mfundo ikhale yabwino chotani. Njira yabwino pamenepo ndi kupempha dokotala kuti abwereze mfundoyo pa foni yake, m'chipinda chopanda phokoso. Ambiri amavomera, ndipo ulendo wachiwiri amanena mwachidule.

Ndiye pali chinenero. Yankho la dokotala lili m'Chingelezi, ndipo omvera athu amalankhula Chinyanja cha mu Lusaka, chosakaniza ndi Chibemba. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi ndi ofunika, chifukwa ambiri amaonera m'minibasi mawu atatseka, koma pulogalamu yolemba yokha musaikhulupirire pa manambala: imasokoneza 15 ndi 50, ndipo kadontho ka mu 0.05 kakasowa, nkhani yasintha. Lembani nokha, mizere isapitirire iwiri, ndipo isatsike kwambiri pomwe mabatani a pulogalamu amaphimba. Koma kwa gogo amene sawerenga, mawu olembedwa alibe ntchito. Kwa iye tsitsani mawu a dokotala n'kuikapo wina womasulira m'Chinyanja, ndipo chikhale Chinyanja cha pa msika wa Chipata, osati cha m'buku. Womasulira asawonjezere nzeru zake. Akamaliza, namwino kapena dokotala yemweyo amvere zonse asanavomereze, chifukwa liwu lakuti "kapu" likalowa pomwe panali "lita", dzina lomwe lili pa chithunzi ndi la dokotala, osati la womasulira.

Dzina limenelo liyenera kukhalapo, pamodzi ndi udindo wake, bungwe lomwe linachititsa msonkhano, mwezi ndi chaka. Kanthu aka kamatenga malo ochepa pakona, koma n'kamene kamasiyanitsa kavidiyo kanu ndi mauthenga a mankhwala ozizwitsa omwe amadzaza magulu a WhatsApp mliri ukabuka. Ndipo popeza dzina lake likuyenda, mwini wake aone kavidiyo kasanatuluke. Kuvomera kuti msonkhano ujambulidwe si kuvomera kuti nkhope yako ikhale pa Status ya anthu osawadziwa. Ogwira ntchito m'boma ena amafunikanso chilolezo cha akuluakulu awo asanaonekere pagulu, choncho tumizani kavidiyo komalizidwa, osati kungofotokoza pa foni.

Kukula kwa fayilo kumawerengeka mosavuta. Chulukitsani makilobiti a pa sekondi ndi masekondi, n'kugawa ndi 8 kuti mupeze ma KB. Kavidiyo ka masekondi 56 pa makilobiti 700 kamakhala pafupifupi ma MB 5, ndipo munthu wolankhula atakhala pansi safuna zoposa pamenepo. Kutulutsa pa 720 ndi 1280 n'kokwanira, WhatsApp idzakapanikizabe. Dzitumizireni kaye pa foni yotchipa, muone ngati manambala akuwerengeka pambuyo pa kupanikizako.

Kuyesa komaliza kumafuna munthu amene sanamve webina. Mupatseni foni osamuuza kalikonse. Akamaliza musamufunse ngati kamusangalatsa, chifukwa mwaulemu adzati inde. Mufunseni kuti: "Ba mayo, mwana atayamba kutsegula m'mimba usiku uno, mungachite chiyani?" Akayankha kuti asungunula paketi mu lita imodzi n'kunyamuka kupita ku kiliniki akumumwetsa, kavidiyo kaima pakokha. Akati amumwetsa ORS n'kuona mmene kuchere, ndiye kuti chenjezo lili kumapeto kwambiri kapena ladutsa mofulumira. Libweretseni kutsogolo m'mawu olembedwa, muyesenso ndi munthu wina. Akafunsa kuti "akunena za chiyani?", vuto lili m'masekondi atatu oyamba.

Pa malo 14 aja, m'chitsanzo chathu mutsala anayi. Pali ka ORS. Pali ka zizindikiro za kutha madzi m'thupi, kochokera pa 1:12, komwe dokotala anatsina khungu la dzanja lake pa kamera kuonetsa mmene limachedwera kubwerera. Pali ka madzi a m'zitsime zosazama, kofotokoza chifukwa chake madzi ooneka oyera amatha kukhala ndi kolera pomwe chitsime chili pafupi ndi chimbudzi chokumba, makamaka mvula ikasefukira; aka ndi kolumikiza 0:23 ndi 1:15. Komaliza ndi ka kudikira mphindi 30 mutathira klorini m'madzi akumwa, ndi kutsatira muyezo wolembedwa pa botolo lomwe muli nalo. Zonse pamodzi sizikwana mphindi zinayi pa 94.

Amene anakutumani adzafunsa chifukwa chake timavidiyo tachepa, ndipo mwina adzafuna kuti mawu otsegulira a mkulu wa bungwe akhale ndi kake. Ena adzafuna kuti mulembe "gawo 1", "gawo 2" mpaka 4. Manambala otere amauza woonera kuti wasemphana ndi zina, ndipo amapatsa wodula ulesi wosiya chenjezo m'gawo lotsatira. Kalikonse kakhale ndi funso lake pamwamba ndi dzina la fayilo lomveka, monga `ors-usiku-2024-01.mp4`, ndipo ngati mfundo yopita ku chipatala ikufunika m'timavidiyo titatu, ibwerezedwe katatu. Sungani pepala la nthawi lija pamodzi ndi fayilo yaikulu. Malangizo a Unduna kapena a Zambia National Public Health Institute akasintha, mudzadziwa kavidiyo komwe kakhudzidwa ndi mphindi yomwe kanachokera, n'kutumiza katsopano ku magulu omwewo ndi uthenga wakuti kakale kafufutidwe.